Chrome ikuti palibe intaneti koma WhatsApp ikuyenda, chavuta nchiyani?

*"Achimwene ndithandizeni chonde. Laputopu yanga ya Windows 11 yandizunguza mutu kuyambira Lolemba. Chrome ndi Edge zonse sizikutsegula tsamba olo limodzi, zikungolemba ERR_PROXY_CONNECTION_FAILED, koma WhatsApp ya pa laputopu yomweyo mamesiji akulowa bwinobwino ndipo foni yanga pa wayifayi yomweyo ilibe vuto. Rauta ndazimitsa ndikuyatsa kambirimbiri, Chrome ndachotsa ndikuikanso, palibe chasintha. Chomwe ndikukumbukira nchoti sabata yatha ndinachotsa ka VPN kaulere kamene ndinkagwiritsa ntchito. Ndingofomata basi?"*

Ayi achemwali, musafomate, chonde musayerekeze. Laputopu yanuyo ilibe matenda aakulu ndipo intaneti yanu ili bwino. Ka VPN kaja pochoka kanasiya adilesi yake m'masetingi a Windows, ndiye mabulawuza anu akupitabe kukagogoda pakhomo pomwe mwini wake anasamuka kalekale. Kukonza kwake ndi mphindi ziwiri zokha, koma ndiloleni ndikufotokozereni kaye chomwe chikuchitika chifukwa mukachimvetsa mudzachizindikira nokha tsiku lina, olo pa foni, olo pa kompyuta ya mnzanu.

Pulokisi, PROXY ya mu uthenga wanu uja, ndi mkhalapakati. Masiku onse mukalemba dzina la tsamba bulawuza imapita yokha kukalitenga ku seva komwe tsambalo limakhala. Koma mukaikira pulokisi mwaiuza kuti iwe usamapite wekha, chilichonse ukufuna uzikamuuza uje, iyeyo ndi amene azikakutengera. Uje ameneyo amalembedwa ndi zinthu ziwiri, adilesi ndi nambala ya khomo, pa sikirini nambala ya khomoyo amailemba kuti Port. Mwachitsanzo 127.0.0.1:8080, mbali yoyambayo ndi adilesi, 8080 ndiye khomo.

Ndiye nkhani yanu yagona pa 127.0.0.1 ameneyu. Adilesi imeneyi sipita kunja kulikonse, tanthauzo lake ndi loti kompyuta ino yomwe. Mapulogalamu ambiri amene timangowatchula kuti VPN, makamaka aulerewa, sakumba njira yoti chilichonse cha mu kompyuta chidutsemo ngati mmene VPN yeniyeni imachitira. Amangotsegula kakhomo mkati mwa laputopu yanu momwemo, kenako n'kupita m'masetingi a Windows kukalemba kuti aliyense wofuna tsamba adzere pakhomo langali. Mukaizimitsa mwaulemu podina batani lake loti isiye, imakafufuta zomwe inalembazo. Koma ikafa mwadzidzidzi, kaya batire yatha laputopu yazima, kaya mwaipha mu Task Manager, kaya mwaichotsa ikadali yolumikizidwa, kapenanso kungoti amene anaipanga sanasamale zoti iziyeretsa pambuyo pake, cholembedwa chija chimatsala. Pulogalamu yapita, khomo latsekedwa, koma chikwangwani choti dzerani pano chikadali chopachikidwa.

Chrome ndi Edge pa Windows sizisunga masetingi a pulokisi azokha, zonse zimawerenga pamalo amodzi a Windows, nchifukwa chake zadwala limodzi tsiku limodzi. Nchifukwa chakenso kuchotsa Chrome ndikuikanso sikunathandize, Chrome yatsopanoyo itangodzuka inakawerenga chikwangwani chomwechija. Rauta ndiye ilibe mlandu olo pang'ono, pempho la bulawuza yanu silikufika nkomwe pa rauta, likufera mkati mwa laputopu momo.

Nanga mapulogalamu enawo akudutsa bwanji? Chifukwa setingi imeneyi si mpanda wotchinga aliyense. Windows imangoilemba poonekera, pulogalamu iliyonse imasankha yokha kuiwerenga kapena ayi. Ena saiyang'ana nkomwe, amangolunjika kwa seva yawo. Ena amayesa kaye pulokisi, ikakanika amadzera njira yachindunji mwakachetechete inu osadziwa. Enanso ali ndi masetingi awoawo mkati. Koma bulawuza ikauzidwa adilesi ya pulokisi siizemba, ndipo izi anachita kupanga dala. Tangoganizani munthu amene waika pulokisi kuti asaonekere komwe ali, kapena kampani imene ikufuna antchito ake onse azidzera pamalo amodzi, bulawuza ikanati pulokisi ikafa n'kungodutsa yokha osanena, munthu uja akanaululika asakudziwa. Ndiye imasankha kuima n'kukuuzani kuti zakanika. Vuto lake mawu amene imalemba pamwamba mwa zilembo zazikulu ndi oti No internet, ndipo ambirife maso amathera pomwepo, timathamangira ku rauta osawerenga kamzere kakang'ono kam'munsi komwe kakutchula pulokisi. Inu mwachita bwino kwambiri kukopera kamzereko, mwandipeputsira ntchito.

Tisanakhudze chilichonse tiyeni tione ndi maso athu, ine sindikonda kukonza chinthu mongoganizira. Dinani batani la Windows ndi R limodzi, lembani cmd, dinani Enter. Pa windo lakudalo lembani izi:

```
curl.exe -I https://example.com
```

Kapulogalamu ka curl kamabwera kale mu Windows 11 komanso Windows 10 kuyambira 2018, simufunika kudawunilodi. Ubwino wake ndi woti kamapempha tsamba ngati bulawuza koma sikawerenga chikwangwani cha Windows chija. Mukaona mzere woyamba ukuti HTTP/1.1 200 OK ndiye kuti laputopu yanu ikufika pa intaneti, ikutha kupeza mayina a masamba, zonse zili m'malo, vuto lili pakati pa bulawuza ndi Windows basi. Anthu ambiri amayesera ndi ping, nayonso si yoipa koma ine ndimakonda curl chifukwa ikuchita ndendende chomwe bulawuza ikulephera.

Kenako tione chomwe chinalembedwa:

```
reg query "HKCU\Software\Microsoft\Windows\CurrentVersion\Internet Settings" | findstr /i "Proxy AutoConfig"
```

Lamulo ili likungowerenga, silisintha kanthu, musaope. Kwa inu ndikuyembekezera kuti pakati pa mizere ina mutuluka zofanana ndi izi, kungoti nambala ya khomo itha kukhala ina:

```
ProxyEnable    REG_DWORD    0x1
ProxyServer    REG_SZ    127.0.0.1:8080
```

0x1 ameneyo akutanthauza kuti pulokisi ndi yoyatsa, ikanakhala yozima pakanalembedwa 0x0. Nambala ya khomoyo muilembe penapake musanaifufute, ili ngati chidindo cha chala cha amene anaisiya. 8888 nthawi zambiri amakhala Fiddler kapena Charles, mapulogalamu amene opanga ma apu amaonera zomwe zikudutsa pa netiweki. 7890 amakonda Clash, 10808 kapena 10809 amakonda v2rayN, 8080 ndiye amagwiritsa ntchito ambirimbiri moti payokha sikuuzani zambiri. Mapulogalamu ena amangotola nambala iliyonse tsiku limenelo, ndiye mukaona yachilendo ngati 51234 musadabwe.

Mukafuna kutsimikiza kuti pakhomopo palibedi munthu lembani izi, m'malo mwa 8080 muike nambala yanu:

```
netstat -ano | findstr :8080
```

Pakapanda mzere wokhala ndi mawu oti LISTENING ndiye kuti palibe pulogalamu imene ikudikira pakhomo limenelo. Umboni wakwana.

Tsopano kukonza. Tsegulani Settings, pitani pa Network & internet, kenako Proxy. Njira yachidule ndi Windows ndi R kachiwiri n'kulemba ms-settings:network-proxy, ikufikitsani pomwepo. Patsamba limenelo pali zinthu zitatu. Chakumunsi kwenikweni, pansi pa Manual proxy setup, pali Use a proxy server. Dinani Edit, muona adilesi ndi khomo zija, zimitsani kuti pakhale Off, kenako dinani Save. Save ameneyu ndikumutchula mwadala chifukwa ndaona anthu ambiri akuzimitsa n'kutseka windo osasunga, kenako amabweranso kudzandiuza kuti achimwene njira yanu ija sikugwira. Chapakati ndi Use setup script, nachonso chikhale Off ngati laputopuyo ndi yanuyanu osati ya kuntchito. Chapamwamba, Automatically detect settings, mutha kuchisiya mmene chilili, Windows imabwera nacho choyatsa ndipo pa netiweki ya pakhomo sichipweteka kanthu.

Mukatero tsekani Chrome yonse, mutsegulenso, yesani tsamba. Nthawi zambiri olo kutseka sikufunika, mukangodina kuti tsamba libwerenso limatseguka pompo, koma kutseka ndikutsegulanso kumachotsa chikaiko.

Ngati tsamba la Settings likuvuta kutseguka pali khomo lakale lomwe likugwirabe ntchito. Windows ndi R, lembani inetcpl.cpl, pitani pa Connections, dinani LAN settings, chotsani kachizindikiro pa Use a proxy server for your LAN, OK kawiri. Ndi setingi imodzi yomweyo, kungoti mwalowera kuseri.

Apa ndichenjezeko za malangizo amene amazungulira kwambiri, oti mungolemba netsh winhttp reset proxy zonse zitheka. Lamulo limenelo ndi lenileni koma likukonza chipinda china. Windows ili ndi malo awiri osungira pulokisi, ena ndi a munthu amene walowa mu kompyuta, omwe mabulawuza amawerenga, ena ndi a ntchito za Windows zimene zimayenda kuseri popanda inu kuziona. Lamulo la netsh limayeretsa achiwiriwo. Ndiye munthu amalilemba, limamuyankha kuti Direct access (no proxy server), iye n'kumati pulokisi ndachotsa koma Chrome ikukanabe, basi apa ndi zofomata. Pomwe chikwangwani chenicheni sanachikhudze nkomwe. Ndi bwino kuyang'anako ndi netsh winhttp show proxy mukamaliza zinazo, pakakhala adilesi yomweija ndiye muyeretse ndi lamulo la reset lija mutatsegula cmd ndi Run as administrator, koma musayambire kumeneko.

Kwa anthu ambiri nkhani imathera pamenepa, ndipo ndikukhulupirira kuti inunso ithera pano. Koma pali mtundu wina umene umandidetsa nkhawa, woti mwazimitsa, masamba atseguka, mwasangalala, mawa mukuyatsa laputopu mukupeza yabwereranso. Zikatero si chotsalira chakufa ayi, pali chinachake chamoyo chimene chikulembanso.

Ndikuuzeni za laputopu ina imene m'bale wanga anandibweretsera. Iyeyo anali atazolowera kale, m'mawa uliwonse akayatsa amayamba wapita ku Settings kukazimitsa pulokisi kenako n'kuyamba ntchito, kwa milungu ingapo ndithu, amangoti ndi mmene laputopuyi ilili. Nditayang'ana ndinapeza 127.0.0.1 ndi khomo la manambala asanu. Ndinazimitsa, ndinayatsanso laputopu, ndinatsegula tsamba la Proxy lija n'kungokhala ndikuliyang'ana. Poyamba panali Off. Patangopita kanthawi kochepa, osakwana mphindi, nditatuluka n'kulowanso patsambalo, On, adilesi yomweija yabwerera. Kuchedwa kumeneko ndi kumene kunandiuza kuti ndi chinthu chimene chimadzuka munthu akangolowa mu akaunti yake. Mu Task Manager pa Startup apps munalibe chachilendo. Ndinatsegula Task Scheduler, mumalemba taskschd.msc, n'kuyamba kuwerenga ntchito imodziimodzi mu Task Scheduler Library, ndipo ndinapeza ina ya dzina looneka ngati ya kampani yodziwika, yoikidwa kuti iziyamba At log on. Nditadina pa Actions ndinaona kuti ikuyendetsa kafayilo kobisala mu foda ya AppData, kotsalira ku pulogalamu yodawunilodira mavidiyo imene iye anaichotsa kalekale. Mbali imene inkatsegula khomo ija inali itachotsedwa ndi antivayirasi, koma kambali kolemba chikwangwani kanatsala, ndiye tsiku lililonse kankaloza mabulawuza kukhomo lopanda munthu. Ndinadina Disable pa ntchitoyo kaye osati kufufuta, kuti ngati ndalakwitsa ndithe kubweza, ndinazimitsa pulokisi, ndinayatsanso laputopu kawiri, sinabwerenso. Pamenepo mpomwe ndinafufuta ntchitoyo ndi foda yake.

Chomwe chinandipweteka mtima pa nkhani imeneyo nchoti antivayirasi isanachotse mbali inayo, masamba ankatseguka bwinobwino, kutanthauza kuti kwa nthawi yaitali chilichonse chimene m'bale wangayo ankachita pa bulawuza chinkadutsa m'manja mwa pulogalamu yosadziwika, iye osadziwa kanthu. Pulokisi yakufa imakusowetsani mtendere koma imadziulula yokha. Yamoyo imene simunaike nokha ndiyo yoopsa chifukwa sipanga phokoso. Ndiye ngati netstat uja wakuonetsani mzere wa LISTENING pomwe inu mukudziwa kuti VPN munachotsa, onani nambala yakumapeto kwa mzerewo, imeneyo ndi nambala ya pulogalamu imene yagwira khomo, muifunse dzina motere, m'malo mwa 4312 muike yanu:

```
tasklist /fi "PID eq 4312"
```

Dzina likatuluka loti simukulidziwa, yendetsani sikani yonse mu Windows Security, pa Virus & threat protection, Scan options, Full scan. Ndipo mapasiwedi ofunika, a imelo ndi a kubanki makamaka, muwasinthe muli pa chipangizo china. Masamba a https amakhala otsekedwa moti mkhalapakati wamba amangoona dzina la tsamba lomwe mwapitako osati zamkati, koma mapulogalamu ena amaikanso satifiketi yawo mu Windows kuti azitha kutsegula n'kuwerenga, ndiye ine pa zoterezi sindichita masewera.

Kwa inu achemwali, poti mukudziwa chimene munachotsa ndipo nthawi yake ikugwirizana, sindikuona chifukwa choopera. Mungoyatsanso laputopu kamodzi mukakonza, mudikire mphindi ziwiri, muyang'anenso tsamba la Proxy. Pakakhalabe Off ndiye mwathana nazo.

Pali malo ena awiri omwe pulokisi imabisala, ndiwatchule poti mwina tsamba la Windows mulipeza loyera kale koma Chrome ikukanabe. Oyamba ndi tizowonjezera ta mu bulawuza, tija timaika pa Chrome tokhala ngati VPN. Timeneti tili ndi mphamvu yolanda setingi ya pulokisi ya bulawuza yokhayo osakhudza Windows, ndiye seva yawo ikafa kapena akasiya kupereka zaulere masamba onse amaima. Chizindikiro chake nchoti bulawuza imodzi yokha ndi imene imadwala, inzake ili bwino. Kwa inu zadwala zonse ziwiri ndiye sindikukayikira kumeneko, koma kuyang'ana nkosavuta, lembani chrome://extensions pamwamba, zimitsani chilichonse chokhudza VPN kapena pulokisi. Achiwiri ndi malamulo a kampani. Lembani chrome://policy, mukaona mzere wa ProxySettings kapena ProxyMode ndiye kuti bulawuza yalamulidwa kuchokera pamwamba ndipo zimene mungasinthe ku Settings siziimva. Chimodzimodzinso ngati batani la pulokisi ku Windows lili lotuwa losadinika. Laputopu ikakhala ya kuntchito kapena ya kusukulu, apo musalimbane nazo, auzeni a zamakompyuta kumeneko, chifukwa pulokisi yawoyo ndi imene imakulolani kulowa pa intaneti mukakhala mu ofesi, mukaichotsa kunyumba ziyenda koma mawa kuntchito ziima. Koma ikakhala yanu yogula nokha ndipo Chrome ikuti Managed by your organization pomwe inu mulibe bungwe lililonse, pali pulogalamu imene inadziika ufumu, nthawi zina antivayirasi, nthawi zina zoipa zija, ndiye chitani sikani.

Nkhani ya kuntchitoyi imabweretsanso mtundu wina wa chotsalira umene umaoneka mosiyana pang'ono. Adilesi yake siikhala 127.0.0.1, imakhala ngati 10.0.0.5:3128 kapena dzina la seva ya kampani. Adilesi zoyamba ndi 10 kapena 192.168 ndi za mkati mwa netiweki imodzi, mukachoka pamalopo sizifikirika. Kusiyana kwake mumakuona pa nthawi. Ya mkati mwa laputopu imakana msanga, mukangodina Enter kanthawi pang'ono uthenga wafika, poti Windows ikudziwa kuti khomo ndi lotseka. Ya kuntchito bulawuza imayamba yazungulira kaye, kudikira yankho lochokera kumalo komwe kulibe, kenako mpomwe imagonja. Ndikangomva munthu akuti imazungulira nthawi yaitali kenako n'kulemba za pulokisi, funso langa loyamba limakhala loti laputopuyi munalowa nayo pa netiweki ya ofesi kapena ya sukulu?

Firefox ili ndi khalidwe lakelake ndipo imathandiza pofufuza. Imabwera itaikidwa pa Use system proxy settings, ndiye nayonso imadwala limodzi ndi anzake, uthenga wake umati The proxy server is refusing connections. Koma mukalowa mu Settings, n'kufufuza Network Settings, mutha kusankha No proxy, ndipo iyo yokha iyamba kutsegula masamba olo Windows ikadali ndi chikwangwani chija. Izi zimapulumutsa tsiku limene muli ndi ntchito yachangu pa kompyuta yoti simungathe kusintha masetingi ake. Mbali inayo ndi yoti Firefox itha kukhalanso ndi chotsalira chakechake pa Manual proxy configuration pomwe Windows ili yoyera, ndiye ikadwala yokha muyang'ane mmenemo.

Ndisakusiyeni ndi maganizo oti bulawuza ikangokana pomwe ma apu akuyenda ndiye kuti ndi pulokisi nthawi zonse. Kamzere kam'munsi kaja ndi kamene kamaweruza. Mukaona DNS_PROBE_FINISHED_NXDOMAIN kapena ERR_NAME_NOT_RESOLVED pa tsamba lililonse, vuto ndi lopeza mayina a masamba, ndipo VPN yochotsedwa molakwika imathanso kusiya zimenezo, koma mankhwala ake ndi ena. NET::ERR_CERT_DATE_INVALID paliponse nthawi zambiri ndi wotchi ya kompyuta imene yasokonekera tsiku. Ndipo ngati mukugawira laputopu intaneti kuchokera pa foni, onani kaye ngati bandulo yanu si ya WhatsApp yokha. Pa zonsezi curl uja akanalepheranso, pomwe pa nkhani ya pulokisi curl amadutsa bulawuza n'kumakana. Kusiyana kumeneko ndi kumene ndimadalira kuposa china chilichonse.

Foni yanu mwati ili bwino, komabe matenda omwewa amagwiranso mafoni ndipo anthu amavutika nawo kwambiri chifukwa setingi yake inabisika. Pa Android pulokisi imasungidwa pa wayifayi iliyonse payokhapayokha. Ndiye mumapeza foni ikutsegula masamba pa data komanso pa wayifayi ya kwa mnzanu, koma pa wayifayi imodzi yokha bulawuza ikukana pomwe WhatsApp ikuyenda. Lowani pa wayifayi imeneyo, dinani posinthira, tsegulani Advanced options, pa Proxy sankhani None. Mayina a mabatani amasiyanako malinga ndi mtundu wa foni koma mawu oti Proxy muwapeza. Android yeniyeniyo imachita kulemba chenjezo pamenepo mukasankha Manual, loti pulokisi imeneyi igwiritsidwa ntchito ndi bulawuza koma ma apu ena mwina saigwiritsa ntchito, ndendende zimene zakuchitikirani pa laputopu. Mukasowa pomwe pali setingiyo ingodinani Forget pa wayifayiyo n'kulowanso ndi pasiwedi, pulokisi imapita limodzi.

Zikakhala kuti pa wayifayi zili bwino koma pa data ndi pomwe bulawuza ikukana, yang'anani ku Access Point Names, mkati mwa masetingi a netiweki ya simu. Mmenemo muli mizere iwiri, Proxy ndi Port, imene masiku ano pa makampani ambiri imayenera kukhala yopanda kanthu, Not set. Anthu amalembamo manambala potsatira njira zija amati za intaneti yaulere, njirayo ikatsekedwa manambala amatsala. Pa timadontho titatu takumwamba pali Reset to default, imabweza zonse mmene kampani ya foni inaikira. Pa iPhone ndi Settings, Wi-Fi, kachilembo ka i pambali pa dzina la netiweki, tsikirani pansi pa Configure Proxy, sankhani Off.

Kubwerera ku laputopu yanu, tsiku lina mukadzafuna kuchotsa VPN ina, muyambe mwadina Disconnect mkati mwake, muitseke bwinobwino pa kachizindikiro kake kapafupi ndi wotchi, mutsegule tsamba limodzi kuona kuti likuyenda popanda iyo, kenako mpomwe muichotse. Mukatero mwaipatsa mpata wofufuta yokha zimene inalemba.

Yesani zimenezi madzulo ano. Zikakanika munditumizire zinthu zitatu, zimene curl wayankha, mizere imene reg query yatulutsa, komanso ngati pulokisi ikubwerera mukayatsanso laputopu, tidzayambira pamenepo.